Nthabwala za mu Tenti ya Kolera

Kolera yemwe adabuka m'Malawi mu Marichi 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa koopsa. Mu Januwale 2023 ndidagona masiku atatu panja pa tenti ya chipatala china cha m'mbali mwa nyanja, ndikudikirira malume anga. Kumeneko ndidamva nthabwala ziwiri za ogwira ntchito, ndipo mpaka lero ndimaziika pa sikelo.

Kuti yoyamba imveke, muyenera kudziwa ntchito yake. Munthu wamkulu akafika madzi atamuthera m'thupi, maso atalowa m'kati, khungu likatsinidwa osabwerera, amamuika diripi ya mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo yonse iyenera kulowa m'maola atatu. Msodzi wa makilogalamu 60 ndiye kuti malita asanu ndi limodzi. Bedi lake ndi lobooka pakati, pansi pali ndowa, moti madzi amene nesi akulowetsa pamkono amawaona akutuluka ngati madzi otsukira mpunga. Usiku umene ndidamva nthabwalayo odwala adalipo ambiri, anesi awiri okha, ndipo bambo wina adamwalira akumusakasaka mtsempha.

Atatuluka kukasamba m'manja pa ndowa ya kolorini, nesi adati, "Adokotala, madzi amene tathira usiku uno, mawa asodzi akapeza nyanja ya Malombe itaphwa." Dokotala adayankha kuti, "Sisita, ndiye chambo tikangotola pamanja." Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, nkubwereranso m'kati.

Nthabwala imeneyi idapangidwa mwaluso. Idatenga chinthu chimene chinkawalemera, madzi osatha aja, nkuchikulitsa mpaka chidafika posekesa. Sidatchule womwalirayo, sidatchulenso wodwala aliyense: osekedwa adali ntchitoyo ndi eni ake otopawo. Idali yaifupi, ya mpweya umodzi, ndipo mnzake adaiwonjezera, kusonyeza kuti katunduyo akusenzera limodzi. Idadikiranso nthawi yake. Sidanenedwe akulimbana ndi mtsempha koma pambuyo pake, pamphindi imene munthu akhoza kungokhala pansi osadzukanso. Manja a nesi uja adali akunjenjemera posamba. Pomwe ankaika kanyula kwa mwana yemwe adafika m'bandakucha, adali atakhazikika.

Kwathu kuno luso limeneli si lachilendo. Adzukulu amaseka pokumba manda, ndipo palibe amawadzudzula, chifukwa khasu lili m'manja mwawo. Ufulu woseka pafupi ndi imfa umagulidwa ndi thukuta. Koma adzukulu ndi anthu odziwika, anamfedwa amawadziwa, ndipo tsiku lina udzakhala mtembo wa kwawo umene ena adzakumbire. Pakati pa nesi ndi wodwala kubwezerana kumeneku kulibe. Wina waima, wavala yunifolomu, mankhwala ali m'manja mwake. Wina wagona pabedi lobooka, chitenje chili pambali, sangayankhe.

Nthabwala yachiwiri idagwera pamenepo. Usiku wotsatira adabwera ndi mnyamata wa padoko, ndipo wogwira ntchito wina, ali m'kati mwa tenti, adati, "Awa ndi aja adasandutsa nyanja chimbudzi, lero nyanja yawatumizira lisiti." Mawu ake ngosanjidwa bwino, sindikana, ndipo wina adaseka. Koma muvi wake udaloza wodwala, ndipo pansi pake padali chiweruzo chakuti wadziputira yekha. Tenti ndi nsalu, siitchinga mawu. Mayi a mnyamatayo adali atakhala pafupi nane. Polembetsa adayankhula Chiyao, choncho mwina woyankhulayo adaganiza kuti Chichewa sakumva, pomwe ku Mangochi ambiri amamva zonse ziwiri. Mnyamatayonso adamva, pakuti wodwala kolera, ngakhale aoneke ngati wakomoka, nthawi zambiri mutu umakhala ukugwira.

Ena amati malire ndi malo basi: sekerani m'chipinda chomwera tiyi, chitseko chili chotseka. Ine ndikuona kuti chitseko sichikwanira. Nthabwala ya Malombe, mayi aja akadaimva, akadangoona anthu otopa. Ya lisiti, ngakhale ikanenedwe kuseri, imaphunzitsa wophunzira unesi yemwe waima pomwepo kuti odwala ena ndi olakwa, ndipo wolakwa ndowa yake imachedwa kukhuthulidwa. Komanso mawu otere amayenda. Akafika padoko, wotsegula m'mimba wotsatira amayamba wabisala kunyumba, pomwe kolera amatha kupha m'maola ochepa.

Mayi aja sadadandaule kwa aliyense. M'mawa nesi wa nthabwala ya Malombe uja adawabweretsera kapu ya Thanzi kuti azimwetsa mwana wawo pang'onopang'ono, nkuwafunsa kuti, "Amayi, mwagonako?" Iwo adalandira kapuyo ndi manja awiri, maso ali pansi, osayankha.