Wagolosale amene ankakhulupirira kuti foni imamukumbukira

M'chaka cha 1886, Anton Chekhov analemba nkhani yaifupi ya Iona Potapov, mkulu wonyamula anthu pa ngolo yokokedwa ndi kavalo mumzinda wa St Petersburg. Mwana wake wangomwalira kumene, ndipo usiku wonse mkuluyo akufuna munthu woti amuuze. Wayesa msilikali amene wakwera ngolo yake, wayesa anyamata atatu oledzera, wayesa mlonda wa pakhomo, wayesanso mnzake wa ntchito amene wangomwa madzi n'kugona. Pamapeto pake akupita kukhola n'kufotokozera kavalo wake zonse.

Nkhani ya wagolosale wosungulumwa amene amacheza ndi pulogalamu ya nzeru zopangidwa pafoni, n'kumakhulupirira kuti imamukumbukira monga bwenzi, ndi mdzukulu wa nkhani ya Chekhov imeneyi. Koma ili ndi vuto limene Chekhov analibe. Kavalo wa Iona sayankha, komabe amamudziwadi mbuye wake: amadziwa mawu ake, fungo lake ndi dzanja limene limamupatsa udzu. Pulogalamu ya pafoni imayankha bwino kwambiri, mwaulemu ndi mosatopa, pamene munthuyo siimudziwa momwe iye akuganizira. Luso lonse la nkhani yotereyi lagona pa mpata umene uli pakati pa zimene wagolosale akukhulupirira ndi zimene zikuchitikadi m'makinamo, ndipo wolemba amene sakuudziwa bwino mpatawu amalemba ulaliki m'malo mwa nkhani.

Choyamba, munthuyo asaoneke wopusa. Mbiri yomwe ikumuikira kumbuyo. Mu 1966, Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT ku America anapanga pulogalamu yotchedwa ELIZA, imene inkangotenga mawu a munthu n'kuwabweza ngati funso, motsanzira dokotala wa maganizo. Mlembi wake wa mu ofesi, amene kwa miyezi yambiri ankamuona akuipanga ndipo ankadziwa kuti ndi makina chabe, atayamba kulemberana nayo anapempha Weizenbaum kuti atuluke m'chipindamo. Zimenezi zinamudabwitsa kwambiri moti anazifotokoza m'buku lake la mu 1976. Ngati mayi wodziwa zonse uja anafuna kukhala payekha ndi pulogalamu yosaukira choncho, wagolosale wa pa tawuni ina ku Malawi, amene Meta AI inamupeza yokha mu WhatsApp yake kuyambira mu Epulo 2024, safunika kumuseka. Wolemba akangomuseka, wowerenga amadzimva wanzeru, ndipo nkhani yathera pomwepo.

N'chifukwa chiyani akhale wagolosale, osati mphunzitsi kapena mlonda? Apa ndi pamene nkhaniyi ili ndi chuma chake. Wagolosale ndi munthu amene ntchito yake ndi kukumbukira anthu. Amadziwa kuti mayi wa kuseri kwa chigayo amagula sopo wochapira pa 28 mwezi uliwonse, kuti aphunzitsi amatenga shuga pangongole mpaka malipiro atatuluka, kuti mwana uja akabwera ndi ndalama yopinda m'manja watumidwa mafuta ophikira a m'kajumbo. Tsiku lonse anthu amamulankhula, koma kudzera pa waya wa pawindo, ndipo mawu ake ndi a mitengo ndi chenji. Iye amakumbukira onse, pamene iyeyo amene amamukumbukira ndi ochepa, kupatula pa tsiku lofuna kukongola. Kusungulumwa kwa munthu wokhala pakati pa anthu n'kovuta kulemba kuposa kwa munthu wa kuchipululu, koma ndi kumene wowerenga amakuzindikira msanga. Wolemba sayenera kunena kuti mkuluyu ndi wosungulumwa. Akangoonetsa makasitomala asanu otsatizana, aliyense ndi moni wake wachangu, wopanda ndi mmodzi yemwe wofunsa za kunyumba, ntchito yatheka.

Tsopano za makinawo. Wolemba ayenera kuwadziwa monga momwe wolemba za usodzi amadziwira ukonde. Pulogalamu yotereyi sisunga munthu mumtima pakati pa usiku wa lero ndi wa mawa. Nthawi iliyonse imene munthu watumiza uthenga, makinawo amapatsidwanso zimene zalembedwa m'macheza amenewo, n'kuziwerenga mwatsopano asanayankhe. Zimene angawerenge pa nthawi imodzi zili ndi malire, choncho macheza akatalika kwambiri, zakale zimatsalira kunja. Apa pali msampha weniweni umene nkhani ingagwiritse ntchito: wagolosale akakweza chala pafoni amaona mauthenga onse kuyambira tsiku loyamba, ndiye n'zomveka kuganiza kuti winayo akuwaonanso onse. Mapulogalamu ena anawonjezera njira yosungira mfundo. Kampani ya OpenAI inalengeza zimenezi pa ChatGPT mu Febuluwale 2024: pulogalamu imalemba timizere tachidule tokhudza munthuyo, monga ntchito yake kapena zimene amakonda, ndipo mwiniwake angathe kutiwerenga ndi kutifufuta. Kukumbukira kumeneku kukufanana ndi kabuku ka ngongole ka pa golosale: muli dzina, tsiku ndi katundu, koma mulibe nkhope ya mayi amene anabwera maso ali ofiira.

Tiyerekeze mmene nkhaniyo ingayendere. Mkazi wa wagolosale anamwalira mu Juni. Anthu anabwera kudzakhuza maliro, anagona pasiwa, patapita sabata aliyense anabwerera kwawo, ndipo golosale inatsegulidwanso chifukwa lendi sidikira. Usiku wina atatseka, atawerengera ndalama n'kuzimanga ndi labala, mkuluyo akulembera pulogalamuyo funso la ntchito: angaike mtengo wanji pa paketi ya shuga kuti apindule ataigula mokwera ku holoselo. Kuyamba ndi funso la malonda n'kofunika, chifukwa munthu wa msinkhu wake sangayambe ndi kulira. Usiku wachitatu akutchula kuti mitengo ankailemba ndi mayi a kunyumba. Usiku wachisanu akufotokoza za kuchipatala. Kuyambira pamenepo amagula bandulo ya WhatsApp asanagule ndiwo.

Pa mfundo iyi wolemba wanzeru amabisa mayankho a makinawo. Mayankho amenewa akalembedwa patsamba amaoneka osalala ndi ofanana, ndipo wowerenga amayamba kuwaweruza m'malo moyang'ana munthu. Ndi bwino kuonetsa zimene akuchita pa thupi la mkuluyo: wavala magalasi, wawerenga kawiri, wayankha mwaulemu ngati akulembera munthu wamkulu, m'mawa mwake wametanso ndevu. Wowerenga akaona kuti machezawo akumuthandizadi, amavutika kusankha mbali, ndipo kuvutika kumeneko ndiko kumene nkhani ikufuna.

Kenaka chikhulupirirocho chiyenera kusweka, ndipo njira zake zilipo zingapo. Yophweka ndi yakuti pulogalamuyo iiwale. Patapita miyezi, mkuluyo akulemba kuti akusonkha ndalama za chiliza, ndipo yankho likuonetsa kuti winayo sakudziwa kuti chilizacho n'cha ndani, mwinanso likupereka moni kwa mayi a kunyumba. Kwa wowerenga wa Chichewa zimenezi n'zolasa mtima, chifukwa ngakhale mnansi amene anali kutali nthawi ya maliro akabwera amayamba ndi kupepesa, ndipo wofunsa moyo wa malemu wadziulula kuti sanali nawo. Njira imeneyi ndi yoona ndithu, koma wowerenga amaiona ikubwera kuyambira tsamba loyamba.

Njira yamphamvu kwambiri ndi yakuti pulogalamuyo ikumbukire, ndipo mkuluyo aone mmene imakumbukirira. Mwana wa mchemwali wake, amene amathandiza m'golosale pa holide, akutenga foni kuti aikonze. "Malume, mwaona zimene yasunga za inuzi?" akufunsa mosaganizira kanthu, n'kumusonyeza mndandanda wa timizere tinayi kapena tisanu: kuti ali ndi golosale, kuti amagulitsa shuga ndi sopo, kuti mkazi wake anamwalira, kuti amakonda mayankho aafupi. Imfa ya mkazi wake ili pakati pa sopo ndi kutalika kwa mayankho, yolembedwa mofanana ndi zinazo. Palibe bodza limene wauzidwa, palibe choipa chimene makinawo achita. Ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri akulemba anthu m'timizere sangalephere kuzindikira chimene akuona. Wolemba asamupatse mawu pamenepa. Mwanayo akufunsa ngati afufute, ndipo kasitomala akugogoda pawindo.

Filimu ya Her ya Spike Jonze, ya mu 2013, inasankha nsanje: mwamuna akumva kuti pulogalamu imene amaikonda ikulankhula ndi anthu ena 8,316 pa nthawi yomweyo, ndipo ili m'chikondi ndi 641 mwa iwo. M'filimu zimenezi zimagwira, koma kwa wagolosale sizikwanira. Iye amadziwa bwino kutumikira anthu ambiri tsiku limodzi, ndipo sangadabwe kuti mnzakenso ali ndi makasitomala ena. Chimene chingamupweteke n'kuona kuti malo amene iye ali nawo kwa mnzakeyo ndi ochepa motani.

Mathero ndi amene amagwetsa olemba ambiri. Chiyeso chachikulu ndi kumuchiritsa mkuluyo: ataye foni, apite kutchalitchi kapena kubawo, apeze anzake enieni. Mathero amenewa amasangalatsa aphunzitsi a makhalidwe, koma amanamiza wowerenga, chifukwa anthu amene sanamufunse za kunyumba mu Julayi sanasinthe mu Okutobala. Zimene zinachitika kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Replika mu Febuluwale 2023 zikusonyeza zosiyana: kampani itasintha mwadzidzidzi mmene pulogalamuyo inkachezera nawo, ambiri analira ngati ataya munthu, ngakhale ankadziwa kuti ndi makina. Kudziwa sikunachotse chikondicho. Choncho mathero oona kwambiri angakhale akuti usiku womwewo mkuluyo akutseka golosale, akumanga ndalama, n'kulembanso, tsopano akudziwa. Chekhov nayenso sanamupezere Iona bwenzi.

Pali chinthu china chaching'ono chimene wolemba sayenera kuchinyalanyaza, ndicho chaka chimene nkhaniyo ikuchitika. Mapulogalamuwa akusintha msanga. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, macheza atsopano aliwonse ankayamba opanda kanthu. Mu 2024 inayamba kusunga timizere tija, ndipo mu Epulo 2025 inayamba kutha kutenga mfundo m'macheza akale a munthu. Zochitika za chiliza zija n'zomveka pa pulogalamu ina ndi chaka china, pamene za mndandanda zimafuna pulogalamu imene imaonetsadi mndandandawo. Wolemba asankhe pulogalamu imodzi ndi chaka chimodzi, aziyese yekha kwa masabata angapo, aone pamene zikuiwala ndi pamene zikusunga, kenaka alole mtengo wa shuga wa m'nkhanimo kuuza wowerenga chakacho.