Bokosi la pansi pa invoisi

Pali invoisi imene ndimaisirira, ya mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Luchenza. Ndi tsamba limodzi la A4, zilembo zakuda pa pepala loyera, lopanda maluwa m'mbali. Mayiwa anaikonza kamodzi pa Excel ngati chikombole cha njerwa: wogula aliyense akabwera, amangothiramo katundu ndi mitengo, n'kutulutsa PDF yofanana ndi inzake. Pamwamba pali zimene aliyense amaikapo: dzina la shopu, foni, dzina la wogula, tsiku ndi nambala ya invoisi. Luso lenileni lili m'munsi, m'bokosi lozunguliridwa ndi mzere wokhuthala, la mutu wakuti KALIPIRIDWE.

Kuti bokosilo limveke, tiyambe taona amene amaliwerenga. Nthawi zambiri wolipira si amene anaima pa kauntala. Mmisiri ndiye amabwera kudzasankha katundu, koma mwini nyumba ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo invoisi amaiona pa foni usiku ataweruka. Munthu ameneyu sanamve zimene anakambirana pa shopu. Ali ndi tsambalo basi.

Titenge chitsanzo, mitengo yake yongoyerekeza. Simenti matumba 20 a makilogalamu 50, thumba K30,000, pamodzi K600,000. Malata 30, limodzi K18,000, pamodzi K540,000. Misomali ya malata makilogalamu 5 pa K6,000, ndiye K30,000. Galimoto yokatula katundu K40,000. Zonse zikwana K1,210,000. Mmisiri anasiya dipoziti ya K500,000, choncho zotsala ndi K710,000. Masamuwa mayi aja sachita pamanja, ali m'tibokosi ta templeti:

```
=B14*D14
=SUM(E14:E25)
=E26-E27
```

Invoisi zambiri zimene ndaziona zimakuza nambala ya K1,210,000, poti ndiyo ikondweretsa wogulitsa. Apa ayi. Mtengo wonse ndi dipoziti zalembedwa ndi zilembo wamba pansi pa mndandanda wa katundu. Nambala yokhayo yaikulu pa tsamba lonse ndi K710,000, ndipo ili pa mzere woyamba wa bokosi, pambali pa mawu akuti "Zoti mulipire". Wowerenga mothamanga amalipira nambala imene yamugwera m'maso. Akaona ziwiri zazikulu amaimba foni, mwinanso kuyamba kukayikira kuti dipoziti mmisiri anadya. Mzere wosonyeza dipoziti ndi tsiku limene inalandiridwa ukuteteza mmisiriyo, ngakhale iye sakudziwa.

Mzere wachiwiri ndi tsiku lomaliza kulipira, ndipo mwezi walembedwa m'mawu: 14 Epulo 2025. Palibe zoti "pasanathe masiku 14", zimene zimasiya wogula akuwerengera kuyambira tsiku limene iye wafuna. Palibenso 03/04/2025, imene kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imaimva ngati Marichi pamene ife tikuti Epulo.

Kenaka njira zolipirira, iliyonse pa mzere wake: banki poyamba, Airtel Money, kenaka TNM Mpamba. Banki ili pamwamba chifukwa ndalama za pa foni zili ndi malire a zimene munthu angatumize, ndipo katundu wa nyumba sachedwa kuwapyola. Pa banki pali dzina la banki, nthambi, dzina la akaunti ndi nambala. Koma chimene chimandigwira mtima ndi kamzere kali pansi pa nambala za foni: "Dzina limene lituluke pa foni yanu ndi ili", kenaka dzinalo. Shopu ili ndi dzina lake, pamene nambala inalembetsedwa m'dzina la mwini shopu. Munthu wakutali amene akutumiza ndalama za miyezi ingapo ya thukuta lake akaona dzina lachilendo, chala chimaima. Kamzereka kanalembedwa ndi munthu amene anaganizira mantha amenewo. Pambali pake pakunenanso poyera kuti ya chotapira ili kwa ndani, nkhani imene imadanitsa anthu pa ndalama zochepa.

Mzere wotsiriza ukuti polipira alembe nambala ya invoisi, monga 2025-047, ndipo atumize umboni ku foni ya shopu. Mwezi ukatha, sitetimenti ya banki imangoonetsa ndalama ndi mayina, ndipo wotumiza angakhale mlamu wake wa wogula. Popanda nambalayo, K710,000 imeneyo ilibe mwini wake m'buku.

Zonsezi zikanawonongeka mosavuta, chifukwa Excel imaona nambala iliyonse ngati yochitira masamu. Mukalemba nambala ya foni yoyamba ndi 0, imachotsa ziro woyambayo. Nambala ya akaunti ikafika manambala 12 kapena kuposa, imaisandutsa chinthu chonga 9.1E+12, ndipo PDF imajambula zomwezo mokhulupirika. Mayiwa tibokosi ta nambala zotere anatiika pa Text kudzera pa Format Cells asanalembemo kanthu. Tsiku la invoisi amalemba pamanja, sagwiritsa =TODAY(), chifukwa imeneyo imasintha tsiku nthawi iliyonse mukatsegula fayilo, ndipo ngongole ya mu Januwale imaoneka ngati ya lero. Mzere wa ndalama anaukuza mokwanira, poti ukachepa mamiliyoni amasanduka ####.

Nanga PDF ikuthandiza chiyani? Kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993 kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa makina alionse, ndipo mpaka lero ntchito yake ndi yomweyo. Fayilo ya Excel pa foni imabalalika, ndipo wogula angathe kuona masamu ndi tsamba lina la mitengo yooda. Chithunzi chojambula pa sikirini nacho WhatsApp imachifinya, mpaka 3 ndi 8 kufanana. Mu PDF zilembo zimakhala zakuthwa ngakhale muzikuze bwanji, ndipo nambala ya akaunti munthu angathe kuikopera osailembanso. N'chifukwa chake nambalazo zili zokha pa mzere, popanda mawu ena omatirira.

Potulutsa PDF pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa pepala la Letter, lotalika mamilimita 279, pamene A4 ndi 297. Kusiyana kwa mamilimita 18 n'kokwanira kukankhira bokosi la kalipiridwe ku tsamba lachiwiri, kumene anthu ambiri safika. Templetiyi inatcheredwa pa A4 ndi pa Fit Sheet on One Page, ndipo malo a katundu ndi mizere 12 yokha, kuti bokosi lisamasunthe kaya wagula chinthu chimodzi kaya khumi. Amene mumagwiritsa LibreOffice Calc chenjerani: mukapanda kusankha malo oti atuluke, imatulutsa masamba onse a fayilo, ndi la mitengo yooda lomwe.

Chinthu chimodzi PDF siingachite. Ambiri amaganiza kuti siisinthika, koma wakuba wodziwa kompyuta angathe kufufuta nambala ya akaunti n'kuikapo yake. Mayiwa akudziwa zimenezi, ndipo m'munsi mwa bokosi analembamo kuti nambala zolipirira sizisintha, wina akakutumizirani zina muyambe mwaimba ku shopu. Za msonkho wa VAT palibepo, ndipo n'zoyenera: woulipiritsa ndi yekhayo amene analembetsa msonkhowo ku MRA.

Inu a shopu, invoisi yanu musanaitumize kwa wogula, itumizeni kaye ku foni yanu. Mupatse munthu amene sanalipo pogula, mumufunse kuti alipire zingati, pofika liti, kwa ndani, ndipo alembe chiyani. Akakayikira pa funso limodzi, bwererani mukakonze bokosilo.