Liwiro Losasintha Usana ndi Usiku

Anthu ambiri obwera pabenchi ya mayi wina wokonza mafoni ku Limbe amafika ataweruza kale mlandu: "Andidulira liwiro, bandulo yanga ndadutsitsa malire." Mayiwa satsutsa, savomerezanso. Amang'amba pepala m'kope, n'kulembapo nthawi zinayi: 5 koloko m'mawa, 10 koloko m'mawa, 1 koloko masana, ndi 8 koloko usiku. "Achimwene, kayezeni nthawi zimenezi masiku awiri, mutakhala pampando umodzimodzi, ndiye mubwere tikambe."

Luso lawo lagona pa mfundo yoti kuchulukana kwa anthu pa nsanja ndi kumangidwa kwa liwiro ndi mavuto awiri osiyana makhalidwe. Nsanja ya netiweki imagawa mphamvu yake kwa onse amene alumikizidwa nthawi imeneyo, choncho anthu akaweruka kuntchito n'kuyamba kuonera mavidiyo, gawo la aliyense limachepa, akagona, limakulanso. Koma kampani ikachepetsa dala liwiro chifukwa mwapyola malire a bandulo, imakuikirani denga la nambala imodzi, ndipo dengalo silidziwa kuti kunja kwacha kapena kwada.

Mnyamata wina wa ku Ndirande anabwera ndi pepala lake atayeza ndi Speedtest. M'bandakucha anapeza 18 Mbps, m'mawa 11, masana 7, ndipo usiku 1.2 tsiku loyamba, 0.6 tsiku lachiwiri. Mayiwa anangoti mutu pukusu. Munthu womangidwa liwiro sangafike pa 18 nthawi ina iliyonse, ndipo manambala ausikuwo sakufanana n'komwe. Anamuonetsanso mzere wa ping, womwe umasonyeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera: m'mawa 40 ms, usiku kupitirira 300 ms. Kumeneko n'kudikira pamzere wa nsanja yodzaza, ndipo kugula bandulo ina sikukanamuthandiza chilichonse.

Pepala la mphunzitsi wina linali losiyana: 0.49, 0.50, 0.48, 0.50, masiku onse awiri, ping ili cha m'ma 45 ms osagwedezeka. Apa mayiwa anamwetulira ngati mlimi wapeza pamene mbewa ikulowera m'nkhokwe. Manambala owirirana chonchi, pafupi ndi nambala yozungulira ngati 512 kbps, ndi chizindikiro cha denga. Anawauzanso kuti ayang'anitsitse mzere wa liwiro pamene kuyeza kukuchitika. Nthawi zambiri pa liwiro lomangidwa mzerewo umadumpha m'mwamba kwa kamphindi, kenako n'kugwa n'kuyenda mowongoka, pomwe wa kuchulukana umangokwera n'kutsika mpaka kumapeto. Aphunzitsiwo ankadandaula kuti pokopera faelo foni imaonetsa 60 KB/s basi. Mayiwa anagawa 512 ndi 8, n'kupeza 64. Ndi denga lomwelo, longolembedwa mwa muyezo wina.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi mmene amatsekera mipata yonamiza. Asanakhulupirire nambala ya m'bandakucha amafunsa kaye ngati munthuyo ali ndi bandulo ya usiku, chifukwa ngati foni inasamukira pa bandulo imeneyo, liwiro labwinolo silikunena kanthu za bandulo yamasana. Amafunsanso ngati magetsi anazima nthawi yoyezayo, pakuti nsanja ina ikazima, mafoni a dera lonselo amathamangira pa yoyandikana nayo n'kuidzaza masana dzuwa likuswa mtengo. Foni ikhale ikuonetsa 4G nthawi zonse zinayi, hotspot ikhale yozimitsa, ndipo mapulogalamu asakhale akudzikonza mwakachetechete kumbuyo. Amachenjezanso kuti kuyeza kumadya bandulo, makamaka liwiro likakhala labwino, ndiye osangodinadina.

Pali mlandu umodzi umene mawotchi okha sauthetsa. Makampani ena padziko pano saika denga, amangomuika kumbuyo kwa mzere munthu wopyola malire. Nsanja ikakhala yopanda anthu, iye amathamanga ngati wina aliyense; ikadzaza, ndiye woyamba kufinyidwa. Pepala lake limaoneka ndendende ngati la kuchulukana wamba. Apa mayiwa amatulutsa simukhadi yawo ya netiweki yomweyo, imene sinafike pa malire, n'kuiika m'foni ya kasitomalayo nthawi imene vuto limafika pachimake, pamalo omwewo, n'kuyeza motsatizana, simukhadi iyi kenako iyo, kangapo. Zonse zikamakwawa mofanana, vuto ndi nsanja. Yawo ikamapeza 5 Mbps pomwe inayo ikulephera kufika pa 1, ndiye kuti netiweki ikusiyanitsa mizere iwiriyi.

Mayiwa anawauza aphunzitsi aja kuti asunge zithunzi za zotsatira zonse, zooneka tsiku ndi nthawi, ndipo awerenge malamulo a bandulo yawoyo. Ngati denga la 512 kbps linalembedwamo, palibe chodandaula, angodikira bandulo yatsopano n'kuyezanso tsiku lomwelo kuti aone ngati latsegulidwa. Ngati silinalembedwe, ayambe kukadandaula kukampani, ndipo zikakanika apite nazo ku MACRA, atanyamula pepalalo ndi zithunzizo.