Zala Zikapindika pa Botolo, Konzani Dzanja Lokha

Chimene chimatopetsa pa zithunzi zotsatsa malonda zopangidwa ndi Stable Diffusion n'chakuti ambiri amalimbana ndi mawu pamene vuto lili pa dzanja. Mayi waoneka bwino, botolo la mafuta odzola lawala, koma chala chamkombaphala chalowa m'galasi ndipo pambali patuluka chachisanu n'chimodzi. Wopanga chithunzi amathamangira ku `Negative prompt` kukalemba `bad hands, extra fingers`, kenako n'kudina kambirimbiri. Kumeneko n'kuchita maere. Mawu akasintha, nkhope ndi botolo nazonso zimasintha ngakhale `Seed` ikhale yomweyo.

Vuto lenileni ndi kuchepa kwa malo. Stable Diffusion 1.5, ya mu 2022, imayamba yachepetsa chithunzi kasanu ndi katatu m'litali ndi m'lifupi isanajambule. Dzanja lotambalala mapikiselo 80 limangotsala ndi timagawo 10, ndipo chala chimodzi chimapeza tiwiri tokha. Mfundo za chala, chikhadabo ndi mthunzi zingakwane bwanji pamenepo? Palibe mawu amene angakulitse malowo.

Apa m'pamene `Inpaint` ya mu AUTOMATIC1111 imasangalatsa. Waluso amayamba wafufuta chala chowonjezeracho pochipaka mtundu wa botolo, ngakhale mosasalala. Kenako amazinga zala zonse, chikhatho ndi kamzere ka botolo pamene zala zagunda, koma dzina la katundu salikhudza, chifukwa zilembo zikajambulidwanso zimasanduka zosawerengeka. Akasankha `Only masked`, pulogalamu imadula kachigawoko, kukakulitsa mpaka mapikiselo 512, kukajambula, n'kukabwezera pamalo pake. Dzanja lija lapeza malo okwanira tsopano!

Pa `Masked content` amasiya `original` kuti kagwiridwe kakale kakhale maziko, ndipo `Denoising strength` amaiika cha pa 0.45. Akaitsitsa pansi pa 0.3, chilema chimabwerera momwemo. Akapitirira 0.75, pamatuluka dzanja lachilendo losagwirizana ndi mkono. Mawu olamula nawo afupike, anene za dzanja lokha:

```
hand gripping a glass bottle, four fingers in front, thumb behind
```

Akapanda kuchotsa chiganizo chakale chofotokoza mayi yense, kankhope kangathe kutulukira pachikhatho.

Ntchito yonseyi imafuna munthu, chifukwa zida zowongola manja zokha popanda munthu kuzinga malo sizidziwa kuti botolo lathera pati.

Oweruza zithunzi nawonso amangowerenga zala, zikakwana zisanu n'kuwomba m'manja. Dzanja logwiradi chinthu limaoneka ndi zina: nsonga za zala zimaphwatalala pang'ono pagalasi, pansi pa chala chilichonse pamakhala kamthunzi, m'mbali mwa botolo mumawongoka pamwamba ndi pansi pa dzanja, ndipo khungu silisintha mtundu polumikizira mkono. Chithunzi chimene chalephera pamenepa chisapite kwa mwini katundu, chibwerere ku `Inpaint`.