Mkonzi adakonza "kwa" koma adaiwala "ti-"

Gulu lina la alimi a nazale ya mitengo m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kufupi ndi ku Likhubula, lidafuna mfuwu wolemba pazikwangwani zake. Lidatumiza kwa mkonzi wina, wogwira ntchito payekha, mawu awa: "Kuteteza mkungudza kwa mibadwo yamtsogolo kudzera mu kutengapo mbali kwa anthu." Mawu khumi ndi limodzi aja adabwerako atatu okha: "Tisungire adzukulu mkungudza." Wapampando wa gululo, mayi wachikulire, adafunsa chifukwa chake, pakuti utoto udali utagulidwa kale ndipo wolemba zikwangwani ankadikira. Kalata yomwe mkonziyo adayankha ndiyo ikuunikidwa pano.

Mfundo yaikulu ya kalatayo yagona pa mperekezi "kwa". Mkonzi adalemba kuti: "Mayi, tikati kuteteza mbuzi kwa afisi, afisiwo ndiwo adani. Chomwecho mawu anuwa akunena kuti adzukulu ndiwo adzaononge mtengowu, pamene inu mumafuna kunena kuti iwo ndiwo adzapindule nawo." Apa adalasa. Chingerezi chili ndi aperekezi awiri osiyana, wina wosonyeza wopindula, wina wosonyeza mdani, ndipo omasulira ambiri amawathira onse awiri m'thumba limodzi la "kwa". Chichewa sichisonyeza wopindula ndi mperekezi ayi. Chimasintha mneni: phika amakhala phikira, teteza amakhala tetezera, sunga amakhala sungira. Uwu ndi msintho womchitira, ndipo dzina la wochitiridwayo limatsatira mneni nthawi yomweyo: timaphikira mwana phala, timasungira adzukulu mtengo. Choncho kusintha liwu limodzi sikukadakwanira. Mneni atasintha, mayina adayenera kusintha malo, ndipo chiganizo chonse chidamangidwanso. Ubwino wa kalatayi ndi wakuti idafotokoza zonsezi ndi mbuzi ndi phala, popanda kumuopseza mlimi ndi mayina a m'malamulo a chiyankhulo.

Za kuchotsa "kudzera mu kutengapo mbali kwa anthu" mkonzi adazitchula mwachidule, ndipo mpake. Mawu otere ndi a m'malipoti opita kwa opereka thandizo. Kaphatikizo "ti-" kamanena kale kuti ntchitoyo ndi ya tonse.

Koma pa "ti-" pomwepo ndi pamene kalatayi yaterera. Kaphatikizoka kamagwira ntchito ziwiri. Mu "tipite" kakuimira ochita, ndiye kuti ife. Mu "tipatse" kakuimira olandira, ndipo mawuwo ndi opempha munthu wina. "Tisungire" angamveke ponseponse: ife tisunge, kapena iwe usunge m'malo mwathu. Poyankhula, kamvekedwe ka mawu ndi nkhani yomwe ili mkamwa zimathandiza womvera, koma chikwangwani sichiyankhula, ndipo kalembedwe ka Chichewa sikalemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Munthu wodutsa panjinga atanyamula zinanazi angathe kumva ngati gululo likupempha alonda a nkhalango kuti awasungire mtengo. Tanthauzo limenelo likuchotsa udindo kwa anthu a m'mudzi, chonsecho cholinga cha gululo chidali kuwasenzetsa udindowo. Mankhwala ake ndi liwu limodzi: "Tiyeni tisungire adzukulu mkungudza." Mkonzi adanyadira kuti watsitsa mawu kufika pa atatu, ndipo zikuoneka kuti kunyadirako ndiko kudamuphimba m'maso.

Palinso funso la mneni "sunga", lomwe kalatayi sidalikhudze n'komwe. Mkungudza wa ku Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Chifukwa cha ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa, kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Munthu amasunga chimene chilipo. Ntchito ya gulu la nazale ndi yofesa mbewu, kulera mbande m'machubu ndi kukaziwokera kuphiri. Mneni wolongosola ntchito imeneyi ndi "bzala", ndipo amalola msintho womwewo: "Tiyeni tibzalire adzukulu mkungudza." Mawuwa akuuza wowerenga chochita ndi manja ake, komanso akuvomereza kuti wobzala mtengo wokula pang'onopang'ono ngati uwu sadzacheka yekha thabwa lake. Mkonzi akadafunsa wapampando kuti, "Kodi inu tsiku ndi tsiku mumachita chiyani?" akadaupeza mneniyu m'yankho loyamba.

Kumapeto kwa kalata kuli chenjezo kwa wolemba chikwangwani kuti asalembe "tisungile", popeza malamulo a kalembedwe ka Chichewa amafuna "r" pambuyo pa "i" ndi "e". Chenjezolo ndi loyenera, ndipo likhudzanso "tibzalire", mmene muli "l" pambuyo pa "a" ndi "r" pambuyo pa "i" m'liwu limodzi lomwelo.