Vidiyo Yoyamba Kuyenda Isanalankhule

Mu Disembala 2013, Facebook inayamba kuonetsa mavidiyo omwe amangoyamba okha munthu akamapukusa chala pa foni, koma opanda mawu. Asakatuli a pa intaneti anatsatira njira yomweyo: Safari mu 2017 ndi Chrome mu 2018 anaika malamulo oti vidiyo ikhoza kuyamba yokha ngati ili duu, koma yamawu idikire chilolezo cha woonera. N'chifukwa chake olemba masamba a pa intaneti amaika mzere uwu:

```
<video autoplay muted playsinline>
```

Kamzere aka kanasintha ntchito ya wokonza vidiyo kuposa kamera ina iliyonse yatsopano. Kale munthu ankasankha choonera, n'kudina, n'kukhala pansi. Lero vidiyo imamupeza ali mu minibasi, pamzere kubanki kapena pafupi ndi mwana amene wangogona kumene. Sanaipemphe, ndipo sakuimva. Facebook inkawerenga kuti vidiyo yaoneredwa ikangotha masekondi atatu, ndipo chiwerengero chimenechi chikusonyeza kufupika kwa nthawi imene wokonza wapatsidwa.

Mfundo yanga ndi yakuti zolemba za pa sikirini ziyenera kutengedwa ngati chithunzi pachokha, chokhala ndi nthawi yake, malo ake ndi ntchito yake. Ambiri amayamba adula vidiyo motsatira mawu a wolankhula, kenako n'kumata zolemba pamwamba ngati chigamba. Ntchitoyi iyenera kuyambira kumene iwo amathera.

Titenge chitsanzo cha vidiyo ya masekondi 30 yophunzitsa alimi kuyesa ngati chimanga chauma asanachithire m'matumba. Njira yake ndi yodziwika: muika chimanga m'botolo lagalasi louma bwino, muthiramo mchere wouma, mutseka n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyontho.

Wokonza wozolowera za wailesi yakanema ayamba ndi chizindikiro cha bungwe kwa masekondi anayi. Kenako mlangizi aima pakhomo, apereka moni, atchula dzina lake ndi dera lake. Botolo litulukira pa sekondi ya 15. Mawu akamamveka, zimenezi ndi ulemu wabwino, ndipo moni sindimaupeputsa. Koma mawu akazimitsidwa, woonera akungoona bambo wachilendo akugwedeza milomo. Palibe chomuuza kuti nkhaniyi ikukhudza chakudya cha banja lake, choncho chala chimapitirira.

Ine ndingadule motere. Chithunzi choyambirira penipeni chikhale dzanja likukhutchumula botolo, kamera ili pafupi kwambiri moti njere za chimanga zikuoneka. Chinthu chiziyenda kuyambira pomwepo, popanda mdima wotseguka pang'onopang'ono, chifukwa vidiyo yoyamba ndi mdima imaoneka ngati intaneti yavuta. Pamwamba palembedwe funso lalifupi: "Chimanga chanu chauma?" Pofika sekondi yachitatu dzanja liime, mchere uoneke utamatirira pagalasi. Kuchokera apo mpaka sekondi ya 20 tionetse masitepe: botolo louma, chimanga, mchere, kutseka, kukhutchumula, sitepe iliyonse ndi mawu awiri kapena atatu. Kenako mabotolo awiri aime moyandikana, lina loyera mbee, lina lamchere womatirira. Nkhope ya mlangizi ndi chizindikiro cha bungwe zibwere kumapeto, pamene woonera ali ndi chifukwa chofunira kudziwa amene wamuthandiza.

Njira imeneyi si yachilendo. Tasty, tsamba la zophikaphika limene BuzzFeed inayambitsa mu 2015, inatchuka ndi kamera yoyang'ana pansi, manja awiri, mbale, ndi dzina la chinthu chimene chikuthiridwa. AJ+ ya Al Jazeera ndi NowThis zinachita chimodzimodzi ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Ngakhale akale a mafilimu opanda mawu ankaudziwa msampha wa zolemba: F. W. Murnau anajambula Der letzte Mann mu 1924 pafupifupi popanda makadi olembedwa, chifukwa chimene chithunzi chanena kale sichifunika kuchilembanso.

Apa ndi pamene mavidiyo athu a Chichewa amapunthwa kwambiri, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Diso silingawerenge ndi kuonerera nthawi imodzi. Limapita ku zolemba kaye, likamaliza n'kubwerera ku chithunzi. Malamulo a Netflix a mawu omasulira a Chingerezi amalola zilembo 42 pa mzere, mizere isapitirire iwiri, ndipo liwiro lisapitirire zilembo 20 pa sekondi kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana. Tsopano tiyese chiganizo chimene mlangizi wathu anganene: "Mukaona mchere ukumatirira m'botolo, chimanga chanu sichinaume bwino." Tikawerenga ndi mipata yomwe, ndi zilembo pafupifupi 68. Pa liwiro la 17, chimafuna masekondi anayi athunthu. Ngati chithunzi cha mchere womatirira chikukhala masekondi atatu, woonera adzathera nthawi yonse pa zilembo ndipo mcherewo sadzauona, pamene mcherewo ndiye phunziro lonse.

Tikalemba kuti "Mchere wamatirira? Sichinaume." tatsika kufika pa zilembo 30. Ine ndimawerengera zilembo 12 zokha pa sekondi, poganizira kafoni kakang'ono, kuwala kwa dzuwa ndi owerenga amene amatchula liwu lililonse chamumtima. Zimenezi zikupereka masekondi awiri ndi theka owerengera, ndiye ndimawonjezera sekondi imodzi ndi theka kuti diso lipume pa botolo. Chithunzicho chikhala masekondi anayi, ndipo utali wake wachokera ku kuwerenga, osati ku mpweya wa wolankhula.

Pa chifukwa chomwechi sindigwirizana ndi zolemba zodumphadumpha, zotulutsa liwu limodzilimodzi pakati pa sikirini, zimene mapulogalamu ngati CapCut afalitsa. Zimagwira diso, n'zoona, koma sizilimasula. Pa vidiyo ya munthu wongolankhula mwina zingapite. Pa vidiyo yoonetsa manja akugwira ntchito zimaba diso pa nthawi imene likufunika kwina. M'Chichewa vuto limakula, chifukwa liwu limodzi limanyamula chiganizo chonse. "Sichinaume" likangothwanima n'kuzimiririka, wowerenga akaphonya "si" wakumayambiriro wamva zosiyana ndi zimene tanena, ndipo akhoza kuthira chimanga chachinyontho m'thumba.

Malo nawonso ndi ofunika. Vidiyo yoimirira ya 9:16, ya mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, simakhala yathu yonse. Pa TikTok, Reels ndi Shorts, m'munsi mumakhala dzina la akaunti ndi mawu ofotokozera, kudzanja lamanja kuli mabatani. Zolemba zoikidwa pansi penipeni, monga tinazolowera pa wailesi yakanema, zimakwiririka. Zikwezeni, zikhale zilembo zonenepa zoyera zokhala ndi mkombero wakuda, chifukwa vidiyo ikatumizidwa pa WhatsApp imapanikizidwa ndipo zilembo zopyapyala zimasungunuka.

Pali malire amene sindingawabise. TikTok imatsegula mavidiyo ndi mawu, ndipo nyimbo kapena nthabwala yodalira katchulidwe singasandutsidwe zilembo popanda kuiwononga. Choncho mawu asatayidwe. Ajambulidwe bwino, apereke zimene chithunzi sichingathe, monga liwu la mlangizi lokhazika mtima pansi. Chofunika n'chakuti mfundo imene woonera sayenera kuiphonya isakhale m'mawu okha.

Musanatumize vidiyo yanu, zimitsani mawu, mupatse foni munthu amene sanaionepo, aonere kamodzi kokha. Kenako mufunseni kuti botolo lamchere womatirira likutanthauza chiyani. Akakayikira, bwererani pa chithunzi chimenecho, mufupikitse zolemba kapena muwonjezere sekondi imodzi.