Liwu lokwera mu "ndimakukonda"

Ndili ndi mlandu ndi timabuku tophunzitsa alendo Chichewa, makamaka tsamba lija la mawu achikondi. Pafupifupi tonse timayamba ndi "ndimakukonda", n'kuika tanthauzo limodzi pambali pake, basi. Mlendo amaloweza, amapita kwa wokondedwa wake, koma sanauzidwe kuti zilembo zomwezo zimanena zinthu ziwiri.

Ndiika kachizindikiro pamene liwu limakwera, pa maphatikizo okhawo amene akusiyanitsa tanthauzo. Ukati ndímakukonda, liwu n'kukwera pa ndi- n'kutsika pa -ma- ndi -ku-, ukunena za chikondi chimene chilipo lero ndipo mawa chidzakhalapo. Ukati ndimakúkonda, kuyamba motsika n'kukweza pa -ku-, wanena zakale: chikondicho chinalipo. Kusiyanaku si kwa mneni umodziwu ayi. Ndímathandíza ndi khalidwe langa la masiku onse, pamene ndimathándiza ndi zimene ndinkachita. Ana athu amaphunzira kusukulu za mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma mtolo waukulu wa liwu lokwera uli m'aneni, mmene limasenza nthawi.

Ndinazimvetsa bwino mnzanga wina atandipempha kuti ndikonzekeretse bwenzi lake, mnyamata wa ku Mangalande, mawu oti akayankhule pachinkhoswe. Anali ataloweza kale kuchokera m'kabuku. Zilembo ankazitchula bwino, ngakhale nd- wa kumayambiriro amene amavuta anzake. Koma Chingerezi chinamuzoloweretsa kusankha phatikizo limodzi m'mawu, kulimenya mwamphamvu, ena onse n'kuwameza. Tsono ankathamanga pa ndi-ma-ku- motsika ngati akudutsa pakhomo pa apongozi, n'kudzagwera pa -ko-. Sanali kunena zakale kwenikweni, pakuti -ku- sankamukweza. Koma khutu la Mchewa likamva ndi- wotsika limayamba kale kuyembekezera mbiri. Mnzangayo anaseka, nati, "Ndiye munasiya liti, bambo?"

Nditamuuza kuti akweze ndi-, anangowonjezera mphamvu, ngati akukalipa. Apa m'pamene alendo ambiri amasokonezeka: kukweza liwu si kufuula. Tinasiya mawuwo n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yake pakamwa potseka: pamwamba, pansi, pansi, pamwamba pang'ono, pansi. Ndikuti "pang'ono" chifukwa m'Chichewa liwu lokwera lachiwiri, likabwera pambuyo pa lotsika, silifika pamene linafika loyamba. Chiganizo chimatsetsereka ngati njira ya kudambo. Iye ankachita mosemphanitsa, kuyamba pansi n'kukwera phiri. Nyimboyo itakhazikika m'pamene tinabwezeramo zilembo. Kenaka ndinamuyesa ndi funso limene adzalimve kwa zaka zambiri: úmandikonda kapena umandíkonda? Anayenera kundiuza ngati ndikufunsa za lero kapena za kale. Kumva kunamutengera nthawi yaitali kuposa kutchula.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani, ndipo pang'ono akunena zoona. Pachinkhoswe palibe nkhoswe imene ingaganize kuti mnyamata wavala suti kudzalengeza kuti chikondi chinatha. Malo ndi nkhope zimakonza zimene lilime laphonya. Ndiponso amene akufunadi kunena zakale ali ndi "ndinkakukonda", mawu osasokoneza ngakhale palemba. Kayankhulidwe nakonso kamasiyana: wa ku Kasungu, wa ku Zomba ndi wa ku Chipata sakweza mofanana paliponse. Koma chikondi sichiyankhulidwa pachinkhoswe pokha. Chimayankhulidwanso pafoni usiku, anthu atayambana, nkhope isakuoneka, wina akumvetsera phatikizo lililonse kuti adziwe pamene waima.

Olemba timabukuti ali ndi pothawira. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, kuyambira aja a 1973, satiuza kulemba liwu lokwera, ndipo kwa ife eni chiyankhulo palibe vuto, poti nyimboyo tinaiyamwira. Inenso pomasulira nkhani ndimalemba "ndimakukonda" wopanda chizindikiro, ndikudalira ziganizo zoyandikana nazo. Koma kabuku ka mlendo kalibe ziganizo zoyandikana. Kali ndi mzere umodzi ndi tanthauzo lake. Ndipo sikuti nzeruyi ikusowa. Buku la Carol Scotton ndi Gregory Orr lophunzitsira Chichewa, la 1980, linkasonyeza kale kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje anafotokoza mwatsatanetsatane kayendedwe ka liwuli m'buku lawo la 2017. Chimene ndikupempha n'chochepa: kachizindikiro kamodzi pa ndi-, ndi mzere wachiwiri wosonyeza mnzake wa nthawi yakale, kuti wophunzira adziwe chimene akupewa.

Pachinkhoswepo mnyamata uja anakweza ndi- bwino lomwe, mwina mopitirira pang'ono. Azakhali a mnzanga anandinong'oneza kuti akuyankhula ngati wolengeza nkhani pawailesi, kenaka analuluta.